Ndalama zogwidwa pa khadi: chifukwa chake hotela ndi pampu ya mafuta zimatsekera zambiri kuposa bilu

Munthu wathira mafuta a madola 40 pa pampu yodzithirira yekha, koma uthenga wa banki ukunena madola 120. Wina wangofika kumene pa hotela, chikwama sanatule n'komwe, koma pa akaunti pakusowa kale ndalama zoposa mtengo wa chipinda wa masiku onse amene akhalepo. Onse awiri amaganiza chimodzimodzi: andibera, apo ayi makina alakwitsa. Kawirikawiri palibe wakuba, ndipo makina achita zomwe anauzidwa. Ndalamazo zikadali mu akaunti. Yazigwira ndi banki yanu yomwe, popemphedwa ndi wogulitsa amene pa nthawiyo sakudziwa kuti bilu idzakwana zingati.

Chovuta chenicheni sichili pa kugwirako ayi. Chili pa kumasula, chifukwa kugwira kumatenga masekondi, pomwe kumasula kumadikira uthenga wina umene nthawi zina sutumizidwa.

## Kulipira ndi khadi kumachitika kawiri

Mukaika khadi m'makina n'kuona kuti zatheka, zimaoneka ngati ndalama zapita kwa wogulitsa nthawi yomweyo. Pa makhadi ambiri a Visa ndi Mastercard sizili choncho. Pali magawo awiri, ndipo pakati pake pamatha tsiku limodzi mpaka atatu ogwira ntchito.

Gawo loyamba ndi chilolezo. Makina a wogulitsa amatumiza funso kudzera ku banki ya wogulitsayo, funsolo limadutsa pa netiweki ya kampani ya makhadi, n'kukafika ku banki imene inakupatsani khadi. Funso lake ndi lakuti: khadi ili ndi lamoyo kodi, ndipo lingakwanitse ndalama zakutizakuti? Banki yanu ikavomera imabweza nambala ya chilolezo, imene imakhala ya zilembo kapena manambala 6 ndipo imasindikizidwa pa lisiti. Kuvomera kumeneku ndi lonjezo. Banki ikuuza wogulitsa kuti akadzabwera kudzatenga ndalamazi adzazipeza. Pofuna kuti lonjezolo lisaphwanyike, bankiyo imazipatula kuti inu musazigwiritse ntchito pa china. Uku ndiko kugwira.

Gawo lachiwiri ndi kutenga. Wogulitsa amasonkhanitsa zonse zimene wagulitsa, nthawi zambiri kumapeto kwa tsiku, n'kutumiza kaundula wake ku banki yake. Kaundulayo akafika ku banki yanu, m'pamene ndalama zimachoka zenizeni mu akaunti. Bankiyo imayang'ana chilolezo chimene chikugwirizana ndi bilu yafikayo, n'kuchotsa kugwira kuja.

N'chifukwa chake akaunti imakhala ndi mabalansi awiri. Ina imasonyeza ndalama zonse zimene zili mu akaunti, ina imasonyeza zimene mungagwiritse ntchito panopa. Pa apu kapena pa lisiti la makina otengera ndalama, yoyambayo imalembedwa `Ledger balance` kapena `Current balance`, yachiwiriyo `Available balance`. Kusiyana kwa ziwirizi, nthawi zambiri, ndiko ndalama zogwidwa. Zili ngati chikwama chimene munthu wasiya pa mpando n'kutuluka: mpandowo ulipo, sanakhalepo aliyense, koma wina sangaugwiritse ntchito mpaka mwini chikwama abwere kudzakhalapo kapena kudzachichotsa.

Mu sitolo wamba simuona chilichonse chachilendo, chifukwa ndalama zogwidwa ndi zotengedwa zimafanana. Katundu wawerengedwa kale, mtengo ukudziwika, chilolezo n'cha madola 18 ndipo bilu n'ya madola 18.

## Wogulitsa amene sakudziwa bilu

Hotela, pampu yodzithirira ndiponso makampani obwereketsa galimoto ali ndi vuto limodzi. Amapereka kaye, mtengo n'kudziwika pambuyo. Ndipo zimene apereka sizibwezeka: mafuta akalowa m'thanki sangatulutsidwe, usiku umene mlendo wagona sungagulitsidwenso kwa wina.

Wogulitsa wotere akapempha chilolezo cha ndalama zochepa, bilu n'kudzakwera kupitirira pamenepo, gawo lapamwambalo lilibe lonjezo la banki. Khadi likadzakanidwa potuluka, kapena mwini khadi akadzatsutsa, wogulitsa ndiye amaluza. Choncho amapempha chilolezo cha ndalama zimene bilu siingapitirire. Funso limene amadzifunsa si lakuti kasitomala ameneyu awononga zingati, koma lakuti akawononga kwambiri angafike pati. Apa m'pamene pamachokera kusiyana konse.

Makampani a makhadi amalola zimenezi, koma osati kwa aliyense. Wogulitsa aliyense ali ndi nambala ya manambala anayi yosonyeza mtundu wa malonda ake, ndipo nambalayo imayenda limodzi ndi funso lililonse la chilolezo. Pampu yodzithirira ndi 5542, malo omwetsera mafuta olipira kwa munthu ndi 5541, mahotela ambiri ndi 7011, obwereketsa galimoto ndi 7512. Banki yanu ikaona nambala zoterezi imadziwa kuti ndalama zikupemphedwazo zikhoza kukhala zongoyerekeza, ndipo malamulo a nthawi yogwira amasiyana malinga ndi nambalayo.

## Pa pampu

Pampu siona galimoto. Sidziwa ngati wabwera ndi njinga yamoto yofuna malita 5 kapena galimoto yaikulu ya thanki ya malita 80. Chimene imadziwa n'chakuti ikangotsegula, mafuta ayamba kutuluka. Ndiye mukalowetsa khadi n'kulemba nambala yachinsinsi, pampu imapempha chilolezo cha malire ake onse, mwachitsanzo 120, kwa aliyense mosasiyanitsa. Banki ikavomera, pampu imatseguka ndipo imadziika kuti idzaime yokha ikafika pa 120. Anthu ambiri amene pampu inawaimira thanki isanadzaze anagunda malire amenewa, osati kuti pampu inawonongeka.

Mukabwezera payipi pamalo pake, pampu imatumiza uthenga wachiwiri wonena kuti mafuta atuluka ndi a 40 basi. Malamulo a makampani a makhadi amafuna kuti uthengawu upite msanga, m'maiko ena pasanathe ola limodzi kapena awiri, ndipo pa mapampu amakono umapita m'masekondi. Banki yokonzeka bwino imatsitsa ndalama zogwidwa kuchoka pa 120 kufika pa 40 nthawi yomweyo, moti pofika pa msewu 80 yamasuka kale. Banki imene dongosolo lake silichitapo kanthu pa uthengawu imasiya 120 yonse ili chigwidwire mpaka kaundula wa wogulitsa afike. Pampu yomweyo, tsiku lomwelo, anthu awiri a mabanki osiyana amaona zosiyana.

Kale njira inali ina. Pampu inkangopempha chilolezo cha ndalama yochepetsetsa, paundi imodzi ku Britain kapena dola imodzi ku America, kungoona ngati khadi ndi lamoyo. Eni makhadi sankadandaula, koma njirayi inali ndi bowo: munthu wokhala ndi mapaundi 5 mu akaunti ankatha kuthira mafuta a mapaundi 70, akaunti n'kudzalowa m'ngongole patapita masiku awiri. Ku Britain njirayi inasintha cha m'ma 2021, mapampu ambiri n'kuyamba kugwira mpaka mapaundi 100, ndipo mitengo ya mafuta itakwera mu 2022 malirewo anafika pa mapaundi 120. Ku America, m'chaka chomwecho cha 2022, Visa ndi Mastercard anakweza malire a pa pampu kuchoka pa madola 125 kufika pa madola 175. Malire amakwera potsatira mtengo wa thanki yodzaza ya galimoto yaikulu, ndiye wothira pang'ono ndi amene amaona kusiyana kwakukulu.

Nanga wokhala ndi 35 yokha mu akaunti, pampu ikupempha 120? Zimatengera ngati pampu ndi banki zonse zimadziwa chilolezo cha gawo. Zikamadziwa, banki imayankha kuti 120 palibe koma 35 ilipo, ndipo pampu imatseguka n'kudzaima pa 35. Imodzi mwa ziwirizi ikapanda kudziwa, khadi limakanidwa, ngakhale munthuyo amangofuna mafuta a 20. Apa njira yachidule ndi kulipira kwa munthu wogwira ntchito pamalopo. Kaya mwalipira mutathira kale, kaya mwatchula ndalama musanathire, chilolezo chimakhala cha nambala imene inu mukuidziwa, osati ya malire a pampu.

Pali msampha umodzi woyenera kuutchula. Mukalowetsa khadi, chilolezo n'kudutsa, koma pampu n'kukana kutulutsa mafuta, ndiye mwasamukira pa pampu ina n'kuyambiranso, pakhala zilolezo ziwiri. Pampu yoyamba imayenera kutumiza uthenga wofafaniza, koma pampu imene yalephera kutulutsa mafuta nthawi zina imalepheranso kutumiza uthengawo. Kuyesa katatu pa malire a 120 kungathe kutsekera 360.

## Pa hotela, tiwerengere limodzi

Ku hotela nkhani imatalika chifukwa nthawi ya pakati pa chilolezo ndi bilu si mphindi zisanu koma masiku. Manambala otsatirawa ndi ongopereka chitsanzo, popeza hotela iliyonse imaika yake, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Mlendo ali ndi madola 600 mu akaunti ndipo akulipira ndi khadi la debiti, lija lotenga ndalama mu akaunti mwachindunji. Wasungitsa chipinda cha madola 80 pa usiku kwa masiku atatu. Msonkho tinene kuti ndi 15 peresenti. Wolandira alendo amawerengera chonchi: chipinda 240, msonkho 36, zonse 276. Kenako amawonjezera ndalama ya zina ndi zina, tinene madola 40 pa usiku, yomwe ndi 120. Zina ndi zinazi ndi zonse zimene mlendo angalembetse pa chipinda popanda kutulutsa khadi: chakudya, zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda, kuchapitsa zovala, malo oimika galimoto. Chilolezo chimene hotela ikupempha ndi cha 396.

Mu akaunti mukadali 600, koma zogwiritsa ntchito zatsala 204. Mlendo amene anawerengera kuti atsala ndi 324 atalipira chipinda, 120 yamusowa osadya kanthu.

Tsiku lachiwiri waganiza zowonjezera usiku umodzi. Hotela sifafaniza chilolezo choyamba, imapempha chowonjezera pamwamba pake: 92 ya chipinda ndi msonkho, kuphatikiza 40 ya zina ndi zina, yonse 132. Zogwidwa zafika pa 528, zogwiritsa ntchito zatsala 72. Mahotela ambiri amachitanso izi okha usiku, dongosolo lawo likaona kuti zolembedwa pa chipinda zayandikira ndalama zogwidwa, ndiye mlendo amatha kudzuka n'kupeza uthenga wa banki wa nthawi imene iye anali m'tulo.

Tsiku lotuluka bilu yeniyeni ndi iyi: masiku anayi 320, msonkho 48, chakudya chimene analembetsa 37, zonse 405. Zogwidwa zikuposa bilu ndi 123. Zimene zichitike kuchokera apa zikutengera batani limene wolandira alendo adine.

Njira yolondola ndi kumaliza chilolezo chomwe chija. Pa makina ambiri imalembedwa `Completion` kapena `Pre-auth complete`. Wolandira alendo amatchula chilolezo choyamba, n'kulemba 405. Uthenga umapita wonena kuti pa 528 ija titenga 405, yotsalayo masulani. Kaundula akafika, akaunti imatsika kufika pa 195, mabalansi awiri aja n'kufanana. Mabanki ena amamasula 123 tsiku lomwelo, ena pakapita masiku awiri kapena atatu.

Njira yachiwiri ndi imene imabweretsa madandaulo ambiri. Wolandira alendo, mwina ndi watsopano, mwina makina a khadi sanalumikizidwe ndi kompyuta ya hotela, amadina `Sale` ngati akugulitsa chinthu chatsopano. Banki imalandira funso latsopano la 405 losagwirizana ndi chilolezo chakale. Imayang'ana zogwiritsa ntchito, imapeza 72, ndipo imakana ndi nambala `51`, kutanthauza kuti ndalama sizikukwana. Mlendo waima pa kauntala, mu akaunti muli 600, bilu ndi 405, koma khadi lakanidwa. Ndalama zimene zatsekereza malipirowo n'zomwe zinasungidwira malipiro omwewo. Akanakhala ndi 1,000 mu akaunti, malipiro akanadutsa, koma akanaona 528 ndi 405 zonse zitagwidwa, n'kutsala ndi 67 yokha, ngati kuti hotela yamudyera 933.

Njira yachitatu mlendo amaisankha yekha mosadziwa. Analowa ndi khadi lina, potuluka walipira ndi khadi lina kapena ndi ndalama zapamanja. Bilu yathetsedwa, onse asangalala, koma banki ya khadi loyamba sinauzidwe chilichonse. Kwa iyo hotela ikhoza kubwerabe kudzatenga 528. Pokhapokha wolandira alendo atafafaniza chilolezo chija pa makina, ndalamazo zikhala chigwidwire mpaka nthawi yake ithe yokha.

Onjezerani apa kuti mahotela ena amayesa khadi mlendo asanafike, pogwira mtengo wa usiku umodzi tsiku limodzi kapena angapo m'mbuyo. Chimenecho ndi chilolezo china pachokha, ndipo ngati sichinalumikizidwe ndi cha tsiku lofika chimakhala pambali, chikudikira nthawi yake.

## N'chifukwa chiyani kumasula kumachedwa?

Hotela ikanena kuti ife tamasula kale, banki n'kunena kuti funsani hotela, nthawi zambiri onse awiri akunena zoona monga akuzionera.

Hotela ilibe ndalama zanu. Sinazilandire, choncho ilibe choti ibweze. Chimene ingachite ndi kutumiza uthenga wofafaniza chilolezo chonse kapena gawo lake. Malamulo a makampani a makhadi amafuna kuti wogulitsa achite zimenezi mwamsanga akadziwa bilu yeniyeni, kwa mahotela pasanathe maola 24 mlendo atatuluka. Koma pali mahotela amene akati tamasula amatanthauza kuti atseka foda ya mlendo mu kompyuta yawo, ndipo uthenga sunapite ku banki. Ena amangodalira kuti nthawi idzatha yokha.

Banki nayo imagwira ndalamazo koma sifuna kuzimasula pa mawu a mwini akaunti okha. Inalonjeza. Ikamasula lero, inu n'kuzigwiritsa ntchito, hotela n'kubweretsa bilu mawa, banki iyenerabe kulipira ndipo akaunti ilowa m'ngongole. Ndiye imadikira chimodzi mwa zitatu: bilu yogwirizana ndi chilolezo, uthenga wofafaniza, kapena kutha kwa nthawi.

Kugwirizanitsa bilu ndi chilolezo ndi ntchito ya kompyuta, ndipo imayang'ana nambala ya khadi, nambala ya chilolezo, chizindikiro cha malonda chimene netiweki inapereka, wogulitsa ndi kuchuluka kwa ndalama. Mu sitolo zonsezi zimafanana. Ku hotela ndalama zasiyana, masiku apita angapo, ndipo pakhoza kukhala zilolezo zitatu za bilu imodzi. Dongosolo la banki likagwirizanitsa bilu ndi chilolezo choyamba chokha, zowonjezera zija zimatsala zili lendee. M'chitsanzo chathu 396 imachoka, 405 n'kutengedwa, koma 132 n'kukhalabe yogwidwa.

Zikatero kwatsala kudikira nthawi. Chilolezo wamba chimakhala ndi moyo wa masiku ochepa, pafupifupi sabata. Cha mahotela ndi obwereketsa galimoto chimaloledwa kufika masiku pafupifupi 30, chifukwa mlendo akhoza kukhala nthawi yaitali ndipo lonjezo liyenera kukhalapo mpaka atuluke. Banki iliyonse imaika nthawi yake mkati mwa malire amenewa, n'chifukwa chake wina amamasuliridwa pa masiku asanu, wina n'kudikira mwezi. Lamulo lomwe limateteza hotela ya mlendo wokhala milungu itatu ndi lomwenso limapweteka mlendo wa usiku umodzi amene chilolezo chake chinaiwalika.

Kutha kwa nthawi sikufafaniza ngongole. Wogulitsa akachedwa kutumiza kaundula, banki imamasula ndalama, balansi n'kukwera ngati mwabwezeredwa, kenako bilu n'kufika n'kuzitenga. Mwini khadi amaona ngati amulipiritsa kawiri, pomwe koyambako kunali kugwira chabe. Ndalama za mafuta kapena za hotela zikabwerera zonse, osati gawo lopitirira lokha, musazigwiritse ntchito msanga.

## Debiti, kirediti ndi ndalama zakunja

Kugwira n'kumodzimodzi pa makhadi onse, koma ululu wake umasiyana. Pa khadi la kirediti chimene chatsekeredwa ndi gawo la malire a ngongole imene banki inakulolani. Malire akakhala 2,000, kugwira 528 kumakusiyirani 1,472, ndipo palibe chiwongoladzanja pa ndalama zongogwidwa chifukwa simunabwerekebe. Pa khadi la debiti ndi ndalama zanu zenizeni, zomwe malipiro ena okhazikika akudikira. Malipiro otere akafika zogwiritsa ntchito zitachepa, amakanidwa kapena kulowetsa akaunti m'ngongole, ndipo chindapusa chimene chingatsatire sichichoka chokha kugwira kukatha. Makhadi oikamo ndalama pasadakhale ndiwo amavutika kwambiri, popeza mumakhala ndalama zongokwanira ulendo, ndipo mahotela ena sawalandira n'komwe ngati chikole.

Mukakhala kunja kwa dziko pamabwera kusiyana kwina, kocheperako. Ndalama zogwidwa zimasinthidwa pa mtengo wa tsiku la chilolezo, bilu imasinthidwa pa mtengo wa tsiku limene kaundula wakonzedwa. Mabanki ena amagwira zochulukirapo pang'ono poopa kuti mtengo usintha. Choncho ngakhale hotela itapempha ndalama zofanana ndendende ndi bilu, manambala a pa akaunti yanu akhoza kusiyana.

## Kudziwa ngati zagwidwa kapena zatengedwa

Uthenga wa pa foni ndi umene umasocheretsa anthu ambiri, chifukwa mabanki ochuluka amautumiza pa nthawi ya chilolezo, ndi mawu omwewo amene amagwiritsa ntchito pogula wamba. Umboni weniweni uli pa apu kapena pa sitetimenti. Ndalama zogwidwa zimaoneka pansi pa `Pending`, zimatsitsa balansi yogwiritsa ntchito yokha, ndipo sizilembedwa pa sitetimenti ya mwezi. Pa pampu nambala yake imakhala yozungulira bwino, 100 kapena 120, pomwe mafuta enieni amathera pa nambala ngati 41.37. Zikamasuka simuona mzere wonena kuti zabwezedwa. Mzere wakale umangosowa, balansi n'kukwera. Amene akudikira kuona ndalama zikulowa akhoza kudandaula milungu iwiri pa ndalama zimene zinamasuka kale.

Kusiyanitsaku kumathandiza kudziwa khomo loyenera kugogoda. Ndalama zikadali zogwidwa, mabanki ambiri satsegula mlandu wotsutsa malipiro, chifukwa palibe chimene chalipidwa. Mizere iwiri ikaoneka yonse ngati yotengedwa, pa sitetimenti penipeni, imeneyo ndiye bilu yobwerezedwa ndipo njira yake ndi kubwezeredwa kapena kutsutsa.

Ku hotela zambiri zimapeweka ndi mafunso awiri. Pofika, funsani kuti mugwira zingati zonse pamodzi, ndipo za zina ndi zina ndi zingati pa usiku. Mahotela ena amavomera kuchepetsa kapena kuchotsa gawo limeneli mukanena kuti musalembetse kalikonse pa chipinda, ena amalandira chikole cha ndalama zapamanja, ena amakana zonse ziwiri. Sungani kalisiti ka chilolezo, ngakhale kakuoneka kopanda ntchito, chifukwa nambala ya chilolezo ili pamenepo. Potuluka, perekani khadi lomwe munalowera, ndipo nenani kuti atenge pa ndalama zimene anagwira zija, asayambe malipiro atsopano. Ngati mukufuna kulipira ndi khadi lina, pemphani kuti afafanize chilolezo choyamba muli pompo, n'kukupatsani lisiti lake, limene nthawi zambiri limalembedwa `Void`, `Reversal` kapena `Pre-auth cancel`. Wolandira alendo akati abweze ndalamazo ndi `Refund`, muletseni. Kubweza ndi kwa ndalama zimene zinatengedwa. Pa zogwidwa sikuchotsa chilolezo, kumangopanga mzere wina umene hotela idzafunenso kuukonza.

Ngati mwachoka kale ndipo patha masiku angapo ogwira ntchito ndalama zili chigwidwire, yambani ndi hotela, ndipo pemphani kulankhula ndi a ku ofesi ya ndalama, chifukwa wa pa kauntala nthawi zambiri amangoona foda yotsekedwa. Funso lake likhale lolunjika: kodi uthenga wofafaniza unatumizidwa ku banki, tsiku liti, pa chilolezo chiti? Ngati sangathenso kuutumiza pa makina, apempheni kalata ya hotela yonena kuti bilu inalipidwa ndipo sadzatenga kanthu pa chilolezo chimenecho. Kalatayo ikhale ndi tsiku la chilolezo, kuchuluka kwa ndalama, nambala ya chilolezo ndi manambala anayi omaliza a khadi. Ngati panali zilolezo zowonjezera, chilichonse chitchulidwe pachokha ndi nambala yake, apo ayi banki idzamasula chimodzi n'kusiya chinzake. Mabanki ambiri akalandira kalata yotere amamasula pamanja, ngakhale ena amakanabe n'kunena kuti mudikire tsiku lothera. Pamenepo funsani tsiku lenilenilo, chifukwa dongosolo la banki limalisonyeza pa chilolezo chilichonse.